Kugawira atelala ena mayunifomu akachuluka

"Ndimasoka ndekha ku Kapata kuno ku Chipata. Januwale ikayandikira mayunifomu amandichulukira. Ndingagawireko bwanji anzanga koma ntchito n'kutuluka yofanana?"

Amayi, choyamba sizasi musapatse munthu. Dulani nokha nsalu yonse, saizi iliyonse ndi pateni yake ya katoni, mnzanuyo azingosoka. Mumupatsenso shati imodzi yosoka inu kuti aziyang'anirapo, pamodzi ndi ulusi ndi mabatani. Akakagula yekha ulusi, buluu wake sadzafanana ndi wanu.

Muyeseni kaye ndi mashati atatu okha. Akabweretsa, atembenuzeni kunsi. Pindani kolala pakati muone ngati nsonga zake zikukumana, kenako kokani msoko wa m'khwapa, pajatu ndi pamene ana amayambira kung'amba. Msoko ukakwinyika, kawirikawiri ulusi wa makina ake wathina kwambiri. Aumasuleko musanamuwonjezere ena khumi.

Za ndalama mugwirizane ntchito isanayambe. Tinene shati ndi K120, zipangizo zadya K60: iye K30, inu K30 ya kudula ndi kuyendera. Yolakwika akonze kaye, ndiye alandire.

Kasitomala mukamulonjeza Lachisanu, mnzanuyo muuzeni Lachitatu.