Chitsekero chosindikiza pa makina a 3D chikamadontha, yang'anani m'kati mwa khoma

Mnyamata wina wa pa boma la Mangochi, amene ali ndi makina osindikiza zinthu zapulasitiki a 3D, anabwera kwa ine ndi chitsekero cha paipi chimene anapangira mlimi wa dimba kufupi ndi nyanja ya Malombe. Paipiyo ndi ya mamilimita 50, imatsika kuchokera ku thanki ya pa nsanja, ndipo kuchokera pamwamba pa madzi kufika pamene pali chitsekerocho pali mamita 4. Chitsekerocho chinali chokongola, chosalala, khoma lake lochindikala mamilimita 4. Koma mlimiyo anachibweza patangopita masiku awiri chifukwa chinkachita thukuta m'mbali ndipo pansi pake pankakhala matope.

Ndinachigwedeza pafupi ndi khutu. Munkamveka madzi, chonsecho m'kati mwake munali mouma. Madziwo anali m'khoma momwe.

Titatsegula pulogalamu ya Cura, imene amakonzera chinthu asanachisindikize, tinapeza kuti `Wall Line Count`, nambala ya mizere ya khoma, ili pa 2, `Infill Density`, kuchuluka kwa pulasitiki wodzazira pakati, ili pa 20%, ndipo mzere uliwonse wa pulasitiki ndi wotambalala mamilimita 0.4. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Nambala ya mizere imawerengedwa kuchokera ku nkhope iliyonse ya khoma. Khoma la chitsekero lili ndi nkhope ziwiri, yakunja ndi yam'kati, choncho makina anayala mizere iwiri kunja, iwiri m'kati, mbali iliyonse mamilimita 0.8. Mamilimita 2.4 otsala pakati anangolukamo timizere totalikirana ngati zisa za njuchi. Khoma limene m'maso linkaoneka la mamilimita 4 linali makoma awiri opyapyala okhala ndi mphako pakati.

Madzi sadutsa m'pulasitiki mwenimwenimo. Amadutsa m'timipata ta pakati pa mzere ndi mzere, makamaka pa msoko, pamene makina amayambira ndi kumalizira kuzungulira kosi iliyonse, monga mmisiri amayalira makosi a njerwa. Mizere ikakhala iwiri yokha, kampata ka mzere woyamba kakangokumana ndi ka wachiwiri, njira yatseguka. Madzi akalowa m'mphako muja amayenda momasuka kuzungulira khoma lonse mpaka atapeza kampata kena kunja. N'chifukwa chake malo amene mukuona dontho kawirikawiri si pamene madzi analowera, ndipo kumata guluu pamenepo kumangosamutsa dontholo.

Tinachita ziwiri. Choyamba tinachepetsa khoma pa chojambula kukhala mamilimita 2.4, mwini wake akudabwa kuti chinthu chodontha tikuchipepulanso bwanji. Kenako tinaika `Wall Line Count` pa 3. Mizere itatu kunja ndi itatu m'kati ndi mizere 6, ndipo 6 kuchulukitsa ndi 0.4 ndi 2.4 ndendende. Khoma lonse linakhala mizere yogundana yozungulira, popanda mphako. Lamulo limene ndimagwiritsa ntchito ndi lomwelo: kuchindikala kwa khoma kukhale kutambalala kwa mzere kuchulukitsa ndi nambala yathunthu, ndipo nambala ya pa pulogalamu ikwane kudzaza khoma lonse. Amene amagwiritsa ntchito PrusaSlicer, dzina lake kumeneko ndi `Perimeters`, ndipo mzere wake nthawi zambiri ndi mamilimita 0.45, choncho awerengenso ndi nambala imeneyo. Musakhulupirire masamu okha. Tsegulani `Preview`, tsitsani mpaka pakati pa chinthucho, muone ndi maso ngati pakati pa khoma pali mpata.

Wina adzati bwanji osangoika `Infill Density` pa 100%. Zimathandiza ndithu, koma ine ndimakonda mizere ya khoma. Timizere todzazira timapita uku ndi uku mofupika, ndipo pamene timakhotera pokumana ndi khoma pamatsala timabowo. Mzere wa khoma umazungulira wathunthu, ndipo umagona motsatira mbali imene madzi amakokera khomalo akamafuna kulitambasula.

Nanga mizere ikhale ingati? Pa chinthu chongosunga madzi osapanikizika, monga kabakuli kapena kachitini kotungira, mizere inayi pa khoma lonse, mamilimita 1.6, imakwana ngati makina akutulutsa pulasitiki bwino. Pa chinthu cholumikizidwa ku thanki ya pa nsanja ndimayambira pa mizere 6 pa khoma lonse. Kupitirira 8 nthawi zambiri n'kungotha magetsi ndi ulusi wa pulasitiki umene makina amasungunula posindikiza. Chinthu cha mizere 6 chikamadonthabe, vuto silikhala kuchepa kwa mizere koma kusagwirana kwake, ndipo ndibwereranso pamenepo.

Pansi pa chitsekero ndi pamene pamafunika chidwi chachikulu, ndipo ndi pamene anthu amanyalanyaza. Mnyamata uja anajambula pansi pochindikala mamilimita 3, ndipo kosi iliyonse inali mamilimita 0.2, kutanthauza makosi 15. Koma `Bottom Layers` inali pa 4 ndipo `Top Layers` pa 4. Dzina lakuti `Top Layers` limapusitsa, chifukwa munthu amaganiza kuti chinthu chotsegula pamwamba sichikukhudzidwa. Chikukhudzidwa. Nkhope yam'kati ya pansi, imene madzi amakhalapo, pulogalamu imaiwerenga ngati pamwamba. Ndiye makosi anayi olimba anali pansi penipeni, anayi kumtunda, ndipo 7 a pakati anali zisa zija. Choipa china n'chakuti makosi akumtundawo amayalidwa pamwamba pa mphako, woyamba ndi wachiwiri amalendewera n'kusiya mabowo, moti pa anayiwo otseka bwino amakhala awiri okha. Tinaika 8 ndi 8 kuti ziphatikizane n'kudzaza makosi onse 15.

```
Wall Line Count: 3
Top Layers: 8
Bottom Layers: 8
Layer Height: 0.2
Line Width: 0.4
```

Muziganiza m'mamilimita, osati m'makosi. Mukasintha `Layer Height` kukhala 0.12 n'kusiya nambala zija momwemo, makosi 16 angokwana mamilimita 1.92, ndipo mphako yabwereranso osaidziwa. Kwa kabakuli kosapanikizika, pansi polimba pa mamilimita 1.2, makosi 6 a 0.2, m'pokwanira.

Chifukwa chimene pansi pa chitsekero sitinapachepetse ngati mmene tinachitira ndi khoma ndi ichi. Mamita 10 a madzi amapanikiza pafupifupi `1 bar` pa geji, choncho mamita 4 ndi `0.4 bar`. Pa bwalo la mamilimita 50 mphamvu imeneyi ikufanana ndi kusenzetsa pansipo makilogalamu pafupifupi 8, usana ndi usiku. Khoma lozungulira silivutika nazo, limangokokeka mofanana mbali zonse ngati lamba wa pa mgolo. Koma pansi pafulati pamapindika ngati chikopa cha ng'oma, ndipo pamathyokera m'mphepete pamene pakumana ndi khoma. Pansi pa mamilimita 1.2 pakanavutika pafupifupi maulendo 30 kuposa khoma lathu la 2.4. Ubwino wake, mukachindikalitsa pansi kawiri, kuvutikako kumatsika kanayi, choncho pa mamilimita 3 kumatsika kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi pa 1.2. Tinazungulizanso ngodya yam'kati pang'ono pa chojambula kuti isakhale yakuthwa.

Mlimi yemweyo akadzachotsa thanki n'kulumikiza pampu yofika `2 bar`, katundu uja akhala makilogalamu pafupifupi 40. Pamenepo madzi amakankha pansi kuti pachoke pa khoma, ndipo kukokako kumadutsa pakati pa kosi ndi kosi, kumene chinthu chosindikiza chimakhala chofooka kwambiri. Chimang'ambika mozungulira, mzere umodzi woongoka ngati mwadula ndi mpeni. Kwa pampu yotere, ine ndimauza alimi kuti agule chitsekero cha PVC ku sitolo ya zipangizo ngati saizi yake ikupezeka. Makina a 3D tiwasungire zinthu zimene m'sitolo mulibe.

Tibwerere ku kugwirana kwa mizere. Chitsekero choyamba chija chinali cha PLA, ulusi umene ambiri amayambira chifukwa suvuta. PLA amayamba kufewa kutentha kukayandikira madigiri 60, ndipo chinthu chakuda chosiyidwa pa dzuwa la Okutobala kuno ku Mangochi sichikhala kutali ndi pamenepo. Chikafewa chili ndi katundu chimatambasuka pang'onopang'ono mpaka kutayirira pa paipi. Tinasintha n'kugwiritsa ntchito ulusi wa PETG, pulasitiki amene amapirira mpaka cha m'ma 80 ndipo makosi ake amamatana bwino. Tinamusindikiza pa madigiri 240, tinachepetsa fani kuti mzere usazizire usanagwirane ndi unzake, ndipo `Flow` tinaikweza kufika 104% kuti pulasitiki wowonjezerayo atseke timipata. Kunja kumakhala kokhakhala pang'ono, koma dimba silifuna zosalala.

PETG amayamwa chinyezi, ndipo kuno kufupi ndi nyanja nthawi ya dzinja mpukutu wosiyidwa pa tebulo suchedwa kunyowa. Mudzaudziwa ndi kuthetheka kumene kumamveka pa nozo, kamlomo kotulutsa pulasitiki, ngati nkhuni zaziwisi pa moto. Kuthetheka kulikonse ndi kathovu ka nthunzi kamene kasiya bowo mu mzere. Ulusi wotere, ngakhale muike mizere 10, chinthucho chidontha. Uumitseni pa madigiri 65 kwa maola anayi kapena kuposerapo, ndipo muziusunga m'chidebe chotseka. Magetsi akazima pakati pa ntchito makina n'kudzapitiriza pambuyo pake, kosi ya pamenepo imagwa pa pulasitiki wozizira ndipo sigwira bwino. Chidole mukhoza kupitiriza, koma chamadzi yambiraninso.

Msoko nawo tinausuntha. `Z Seam Alignment` ikakhala pa malo amodzi, zoyambira zonse zimandandalikana kuchokera pansi mpaka pamwamba ngati chipsera, ndipo dontho limakonda pamenepo. Tinaika pa `Random` kuti zibalalike.

Musapereke chinthu kwa mwini wake musanachiyese. Dzazani madzi a tiyi wakuda, pukutani kunja, chikhazikeni pa nyuzipepala youma usiku wonse. Banga lozungulira pansi likuloza ku makosi apansi. Madontho otsatana mzere woimirira ndi msoko. Mzere wonyowa wopingasa ndi kosi imodzi imene sinagwire. Thukuta paliponse ndi ulusi wonyowa kapena pulasitiki wochepa. Chikapambana pamenepo, chiyeseni ndi mphamvu yoposa imene chikagwirire ntchito. Ife tinamanga chitsekero chatsopanocho pa chidutswa cha paipi ndi mphira ndi kalampu, tinalumikiza paipi yofewa, mapeto ake n'kuwakweza mu mtengo wa mango mamita 6, n'kudzaza madzi. Tinachonga pamene madzi analekezera ndipo m'mawa mwake anali pomwepo.

Yesani ndi madzi okha, osapopera mpweya. Madzi safinyika, choncho chinthu chikang'ambika amangotayika. Mpweya wopanikizidwa umaphulitsa pulasitiki n'kumwaza tizidutswa takuthwa m'maso, ndipo pa chifukwa chomwecho chinthu chosindikiza chisayandikire gasi wophikira kapena kompuresa. Madzi akumwa nawo musasungire m'zinthu zimenezi, poti timikwasa ta pakati pa makosi timasunga litsiro limene sopo safikako.