Momwe mungafupikitsire masilaidi 34 kukhala masamba awiri oti anthu awerengeretu

Ndine mlembi wa komiti ya kopaletivi yathu yogulitsa chakudya cha nkhuku kuno ku Lusaka. Tilipo anthu 9, ndipo timakumana Loweruka kwa ola limodzi ndi theka. Kale nthawi yonse inkathera pa pulojekita. Manijala ankawerenga silaidi ndi silaidi, ife tili duu, ndipo pofika pa nkhani yeniyeni ena amakhala akuyang'ana kale wotchi poopa mzere wa magalimoto pa Great East Road. Masiku ano timatumiziratu chikalata cha masamba awiri, pulojekita sitiyatsanso. Si nzeru yathu ayi. Ku kampani ya Amazon, a Jeff Bezos amene anaiyambitsa analetsa masilaidi pa misonkhano ya akuluakulu mu 2004, n'kulamula kuti pazilembedwa chikalata cha masamba ochepa chimene onse amawerenga mwakachetechete asanayambe kukambirana. Kwa ife masamba awiri amakwana.

Ndifotokoza ndi nkhani imene tinali nayo: titsegule depoti ku Chipata kapena ku Kafue? Masilaidi a manijala analipo 34.

Musanatsegule laputopu, funsani a Wapampando kuti komiti ikatuluka m'chipindamo ikhale itagamula chiyani. Yankho lawo mulilembe m'chiganizo chimodzi pamwamba penipeni pa tsamba loyamba. Lathu linali lakuti: "Komiti isankhe pakati pa Chipata ndi Kafue, ndipo ivomereze lendi ya chaka choyamba." Silaidi iliyonse imene sithandiza munthu kuyankha zimenezi isalowe m'chikalata. Mbiri ya kopaletivi, zithunzi za pa chionetsero, silaidi yothokoza, zonsezo ndinazisiya. Pa 34 panatsala 11.

Tsopano kutulutsa mawu m'masilaidi. Apa mpamene ndinapsa chaka chatha, choncho ndichedwapo.

Njira yachidule imene ambiri amaphunzitsana ndi iyi: mu PowerPoint pitani pa File, kenako Save As, ndipo pa mtundu wa failo musankhe Outline/RTF. Mukatsegula failoyo mu Word mumapeza mitu ndi mfundo zonse zili mndandanda, osalembanso pamanja. Koma njirayi imangotola mawu amene ali m'malo amene PowerPoint inakonzeratu, a mutu ndi a mfundo. Mawu a m'kabokosi kamene munthu anachita kuikapo yekha ndi Text Box satuluka. A m'matebulo, a pa magirafu ndi a pansi mu Notes nawonso amatsala, ndipo kompyuta sikuchenjezani.

Pa silaidi 19 panali lendi ya nyumba ya ku Chipata, K18,000 pa mwezi. M'munsi mwake, m'kabokosi ka zilembo zing'onozing'ono, manijala anali atalemba kuti mtengowo ulibe msonkho wa VAT. Kabokosiko sikanatuluke, ine ndinalemba K18,000 n'kutumiza. Msonkhowu ku Zambia ndi 16 peresenti, ndiye lendi yeniyeni inali K20,880. Kusiyana kwake ndi K2,880 pa mwezi, K34,560 pa chaka. Mtengo wa ku Kafue unali ndi msonkho kale, motero chikalata changa chinaonetsa ngati Chipata ndi yotsika mtengo pamene zinthu sizinali choncho. Anthu anabwera atapanga kale maganizo. Titakambirana mphindi 20, amayi Msungichuma anatulutsa kalata ya mwini nyumba m'chikwama mwawo n'kuiika pa tebulo. "A Mlembi, nambala iyi mwaitenga kuti? Pa kalata pano sipakutero." Nkhaniyo inaimitsidwa mpaka mwezi wotsatira, ndipo mnzathu wina amene anachokera ku Chongwe anangowononga ndalama ya basi.

Vuto la chikalata chowerengeratu ndi limeneli. Pa pulojekita mwini masilaidi amakhalapo n'kuwonjezera pakamwa kuti "koma apa msonkho mulibe". Pa pepala munthu amawerenga ali yekha kunyumba, ndipo chimene simunalembe sachidziwa.

Ndiye masiku ano ndimachita chonchi. Ndimatsegula View, kenako Outline View, n'kuyerekeza zimene zili kumanzere ndi silaidi yeniyeni. Ngati silaidi yadzaza mawu koma kumanzere kukuoneka mutu wokha, ndimadziwa kuti mawuwo ali m'timabokosi. Pa silaidi iliyonse yokhala ndi ndalama ndimadinanso Alt+F10 kuti Selection Pane ituluke. Imeneyi imatchula chilichonse chimene chili pa silaidi, ngakhale kabokosi kobisika kuseri kwa chithunzi. Chilichonse chotchedwa TextBox ndimachiwerenga. Ngati manijala amakonda kulemba mu Notes, njira yabwino ndi File, Export, Create Handouts, n'kusankha Notes next to slides. Failo yake imalemera chifukwa cha zithunzi, choncho ndi yogwirira ntchito inuyo, osati yotumiza. Pomaliza, nambala iliyonse ya ndalama ndimaiyerekeza ndi pepala limene inachokera, osati ndi silaidi, ndipo pambali pake ndimalemba ngati msonkho ulimo komanso tsiku limene mtengowo udzathe mphamvu.

Mukatero, lembani ziganizo zathunthu. Pa silaidi pankangoti "Chipata: mtunda, mafuta". Munthu wowerenga yekha sangatolepo kanthu. Ine ndinalemba kuti Chipata ili pa mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Lusaka, choncho lole imodzi singapite ndi kubwera tsiku lomwelo, pamene ku Kafue ingathe kupita kawiri. Mukamalemba chonchi mudzaona malo amene mawu akuti "chifukwa" akukana kulowa. Pamenepo ndiye kuti masilaidi anangodumpha mfundo, ndipo muimbire foni mwini wake akuuzeni. Musadzazemo zanu.

Kasanjidwe kake n'kosavuta. Pamwamba chigamulo chofunika, kenako zimene manijala akuona kuti n'zabwino ndi chifukwa chake, kenako tebulo limodzi loyerekeza malo awiriwo, ndipo kumapeto mafunso atatu okambirana. Mafunsowo akhale enieni, amene anthu angasiyane nawo maganizo, monga lakuti tingapirire miyezi ingati depoti isanayambe kubweza ndalama. Girafu ikhale imodzi basi, ngati ikufunikadi.

Za girafuzi, samalani ndi osindikiza a m'tauni. Pali kashopu kena kamene ndinasiya kupitako chifukwa inki yawo ndi yothira madzi kapena yachinyengo, mizere yofiira ndi yobiriwira inatuluka yotuwa mofanana, ndipo fulashi yanga inabwerako ndi vairasi. Lembani dzina pa mzere uliwonse wa girafu m'malo modalira mitundu, ndipo failo muziwatumizira pa foni. Kumene ndimapita tsopano ndimalipira K2 pa tsamba, ndiye masamba awiri a anthu 9 ndi K36. Masilaidi onse akanadya K612.

Sungani ngati PDF, muitsegule pa foni yanu kuti muone ngati tebulo likuwerengeka, ndipo manijala ndi amayi Msungichuma aione kaye. Ine ndimatumiza Lachitatu pa gulu lathu la WhatsApp, chifukwa imelo ambiri satsegula, ndipo failo yaing'ono simaliza bandulo ya munthu. Masilaidi onse ndimatumizira amene wapempha yekha.

Loweruka ndimaika mapepala pa tebulo. Pamakhala awiri kapena atatu amene sanawerenge, ndiye a Wapampando amapereka mphindi 10 zowerenga mwakachetechete, kenako amayamba ndi funso loyamba. Manijala amayankha mafunso okha, laputopu ili m'chikwama.