Momwe mungasungire fayilo ya Word ngati PDF popanda kupha malinki ndi mitu

Mwezi watha mlembi wa gulu lathu lothandizana pa maliro, lomwe limakumana ku Rosettenville, anatumiza malamulo atsopano pa WhatsApp. Anali masamba 24. Patsamba loyamba panali mndandanda wa mitu, ndipo kumapeto kunali mawu a buluu akuti "dinani apa kuti mulembetse". Ola lisanathe, mayi wina amene amagwira ntchito ku Sandton analemba kuti, "A Mlembi, ndadina mpaka chala chauma koma palibe chikutseguka." Mayiwo amafuna mutu wonena za kutumiza thupi kumudzi, ndipo anachita kupukusa masamba onse pafoni kuti aupeze.

Titakhala pansi ndi mlembiyo, tinaona kuti mu Word linki yolembetsera ija imadinika bwinobwino. Vuto loyamba linali pa njira yomwe anapangira PDF. Anadina File, kenako Print, n'kusankha Microsoft Print to PDF, monga momwe ambiri tinaphunzirira m'malo ojambulitsa mapepala muno mu Joni.

Microsoft Print to PDF, yomwe imabwera ndi Windows 10 ndi Windows 11, imagwira ntchito ngati pulinta. Word imaitumizira maonekedwe a tsamba basi: zilembo, mitundu, zithunzi ndi malo pomwe chilichonse chili. Adiresi yobisika kuseri kwa mawu akuti "dinani apa" siipita nawo, chifukwa papepala palibe chodina. N'chifukwa chake mawuwo amatuluka a buluu, otsekedwa mzere kunsi, koma ali gwa. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti adiresi yolembedwa yonse poyera, yoyamba ndi https://, nthawi zina imadinika ndithu. Pamenepo ndi pulogalamu yowerengera PDF yomwe yangoizindikira yokha, ndipo adiresiyo ikaduka n'kupitirira pamzere wachiwiri, kawirikawiri imakutengerani kolakwika. Choncho ngati fayilo yanu ikawerengedwa pafoni kapena pakompyuta, batani la Print lisiyeni.

Ntchito yeniyeni imayamba musanaganize n'komwe za PDF, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mlembi wathu mitu yake anangoikuza ndi kuidetsa. M'maso imaoneka ngati mitu, koma kwa Word anali mawu wamba. Dinani pa mutu uliwonse, pitani pa Home, m'bokosi la Styles musankhe Heading 1 pa mitu ikuluikulu ndi Heading 2 pa timitu ta pansi pake. Njira yachidule ndi Ctrl+Alt+1 ndi Ctrl+Alt+2. Ife "Zopereka za pamwezi" tinaupatsa Heading 1, ndipo "Membala akalephera kupereka" unakhala Heading 2. Mtundu kapena kukula kwa zilembo kukapanda kukusangalatsani, musabwerere kokonza pamanja mutu umodziumodzi. Dinani batani lakumanja la mawusi pa Heading 1, sankhani Modify, ndipo mukasintha kamodzi mitu yonse itsatira. Kuti mutsimikize, pitani pa View ndi kuchonga Navigation Pane. Kumanzere kutuluka mndandanda, ndipo mutu umene sukuoneka pamenepo ndiye kuti mwaudumpha.

Mndandanda wa mitu wa patsamba loyamba uja analinso atautayipa yekha, madontho ndi manambala omwe. Tinaufufuta, n'kupita pa References, Table of Contents, n'kusankha Automatic Table 1. Word inadzilembera yokha kuchokera pa mitu ija, mzere uliwonse wolumikizidwa ndi tsamba lake. Mukasintha china m'kati pambuyo pake, dinani pa mndandandawo, tobwanyani F9 ndi kusankha Update entire table, apo ayi manambala a masamba atsalira m'mbuyo.

Malinki ndi osavuta. Sankhani mawu, dinani Ctrl+K, ikani adiresi yonse m'bokosi la Address. Koma onetsetsani kuti adiresiyo ndi ya pa intaneti. Linki yoloza fayilo ya m'kompyuta yanu, yoyamba ndi C:\, idzatseguka kwa inu nokha.

Tsopano kupanga PDF. Dinani F12 kuti zenera la Save As litseguke, ndipo pa Save as type musankhe PDF. Musathamangire Save. Pansi pali batani la Options, lomwe ambiri saliona n'komwe. Mukalidina, chongani Create bookmarks using, n'kusankha Headings. Chonganinso Document structure tags for accessibility, zomwe zimathandiza anthu osaona amene amawerenga ndi pulogalamu yowerenga mokweza. Kenako OK ndi Save. Mukapeza kuti mawu akuti Headings ndi otuwa, sakulola kudinidwa, ndiye kuti m'fayilomo mulibe mutu weniweni ngakhale umodzi, bwererani ku Styles. Njira ya File, Export, Create PDF/XPS Document imakufikitsani pa Options yomweyo.

Amene mumagwiritsa ntchito LibreOffice Writer, pitani pa File, Export As, Export as PDF, ndipo muchonge Export outlines. Mu Google Docs ndi File, Download, PDF Document, ndipo malinki amapulumuka. Pa Word ya Mac, posunga ngati PDF sankhani Best for electronic distribution and accessibility, osati Best for printing, koma njira imeneyi imafuna intaneti.

Musanatumize kwa anthu, yesani nokha, ndipo ndikunena izi motsindika chifukwa sizitenga ngakhale mphindi zitatu. Tsegulani PDF ija, dinani mzere umodzi pa mndandanda wa mitu muone ngati ikudumphira kutsamba loyenera. Dinani malinki onse, osati loyamba lokha. Mu Adobe Acrobat Reader tsegulani Bookmarks m'mbali muone ngati mitu yandandalikidwa. Kenako dzitumizireni pa WhatsApp n'kutsegula pafoni, chifukwa ndi momwe anthu athu ambiri adzawerengere, ali mu takisi pa Bree kapena popuma kuntchito. Mapulogalamu ena a pafoni saonetsa mndandanda wa m'mbali uja, ndipo n'chifukwa chake ndimalimbikira kuti patsamba loyamba pakhale mndandanda wodinika. Pa linki yofunika kwambiri, ngati yolembetsera ija, lembaninso adiresi yonse poyera pamzere wakewake, kuti ngakhale wina asindikize papepala athe kuikopera.

Wina akakutumizirani PDF yosadinika ndipo mukufuna kudziwa chinachitika, itseguleni mu Acrobat Reader ndi kudina Ctrl+D. Pa PDF Producer pakalembedwa Microsoft: Print To PDF, mupempheni fayilo ya Word kapena aisungenso ndi F12. Kuikonza PDF yomweyo n'kovuta kuposa kuipanga mwatsopano.

Chenjeraninso ndi zochitika pambuyo pake. PDF yabwinobwino mukaidutsitsanso pa Print kuti muchotse masamba angapo, malinki aja amafanso. Chimodzimodzi mukaisindikiza, kusayina ndi cholembera, n'kuijambula pa sikana, chifukwa zotsatira zake ndi zithunzi chabe. Tcheyamani wathu amafuna siginecha yake ioneke pa malamulowo, ndiye tinajambula siginechayo payokha, n'kuiika mu Word ngati chithunzi tisanadine F12. Ngati mukufuna masamba ochepa okha, mu Options momwemuja muli Page range, pomwe mungalembe kuti kuyambira tsamba 3 mpaka 9. Kungoti mzere wa pa mndandanda woloza tsamba lomwe mwalisiya kunja sudzakhala ndi kopita, choncho pa kafayilo kotere ndi bwino kukopera gawolo mu fayilo yatsopano ndi kupanganso mndandanda wake.