Momwe mungakonzere fayilo ya khadi la ukwati musanapite nayo kwa osindikiza

Ndakhala ndikukonza makhadi a ukwati, mapulogalamu a mwambo wa maliro ndi mapositala a makwaya kuno ku Zomba kwa zaka zingapo, ndipo ntchito zambiri zomwe ndaona zikuonongeka zimakhala zitalakwika kale pa kompyuta, fayilo isanafike n'komwe pa makina. Pano ndifotokoza momwe ndimakonzera khadi la ukwati la saizi ya A5 lomwe lili ndi mtundu wodzaza pepala lonse, chifukwa ndi ntchito yomwe ili ndi misampha yonse itatu: malire odulira, kuwala kwa zithunzi ndi mitundu. Ndimagwiritsa ntchito CorelDRAW, yomwe osindikiza ambiri kuno amaidziwa, koma manambala ndi omwewo mu pulogalamu ina iliyonse.

Choyamba ndi bulidi, ndipo iyenera kuikidwa musanajambule chilichonse. Osindikiza sadinda khadi lanu pa pepala la A5. Amaika makhadi angapo pa pepala lalikulu, kenako n'kudula mulu wonse pamodzi ndi mpeni wa makina. Mpeniwo sugwera pamalo amodzimodzi pa pepala lililonse. Umatha kuphonya ndi milimita imodzi, nthawi zina kuposa apo ngati mulu wakhuthala kapena mpeni wabuntha. Ngati mtundu wa khadi lanu wathera ndendende pa malire, kuphonya kumeneko kumasiya kamzere koyera m'mphepete, ndipo pa khadi la mtundu wodera kamzereko kamaonekera patali. Bulidi ndi mtundu kapena chithunzi chomwe mwachipitiriza dala kunja kwa malire kuti mpeni udule mkati mwa mtundu. Muyeso wozolowereka ndi mamilimita 3 mbali iliyonse. Khadi la A5 ndi mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali, choncho mtundu wa kumbuyo uyenera kufika pa 154 ndi 216. Mu CorelDRAW tsamba lisiyeni pa A5, lembani 3 m'bokosi la Bleed pomwe mumasankha kukula kwa tsamba, kenako kokani bokosi la mtundu mpaka lifike pa mzere wakunjawo. Kulemba nambala kokha sikukwanira, chifukwa pulogalamu sikukokerani mtunduwo yokha.

Mpeni umathanso kuphonyera mkati, n'chifukwa chake mayina a akwati, tsiku ndi manambala a foni a akomiti ziyenera kukhala mamilimita osachepera 5 kuchokera pa malire. Makasitomala ambiri amakonda kamzere kagolide kozungulira khadi pafupi ndi m'mphepete, koma ine ndimawaletsa kapena ndimakalowetsa mkati ndithu, popeza mpeni ukangophonya pang'ono mbali imodzi imaoneka yonenepa kuposa inzake. Samalaninso ndi osindikiza omwe akalandira fayilo yopanda bulidi amangoikulitsa pang'ono osakuuzani. Kamzere koyera kamathadi, koma mawu onse amasendera kumalire, ndipo mzere womaliza, womwe nthawi zambiri ndi wa manambala a foni, ndi womwe umadyedwa ndi mpeni.

Chachiwiri ndi zithunzi. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiseli, ndipo kuti chituluke chowala pa chinthu chomwe munthu awerenge ali nacho m'manja, pamafunika mapikiseli 300 pa inchi iliyonse pa kukula komwe chidindidwire. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Tsamba lathu la 154 ndi 216 ndi mainchi pafupifupi 6.1 ndi 8.5, kutanthauza kuti chithunzi chodzaza khadi lonse chiyenera kukhala ndi mapikiseli pafupifupi 1819 ndi 2551. Vuto la masiku ano ndi loti akwati amatumiza chithunzi chawo cha pa chinkhoswe pa WhatsApp, yomwe imachichepetsa, kawirikawiri mpaka mapikiseli 1600 mbali yaitali. Mukagawa 1600 ndi 8.5 mupeza 188 yokha, ndipo pa pepala nkhope zimaoneka ngati zapakidwa mafuta. Chithunzi chomwecho chikhoza kugwira ntchito mukachichepetsa kuti mbali yaitali isapitirire mamilimita 135, koma njira yabwino ndi kupempha wojambula zithunziyo kuti atumize fayilo yeniyeni posankha Document pa WhatsApp, kapena mukaitenge pa fulashi. Kusintha nambala ya Resolution mu Photoshop kuchoka pa 72 kufika pa 300 muli mutachonga Resample sikubwezera zomwe zinatayika. Kompyuta imangopeka mapikiseli oonjezera. Mabana akuluakulu okoleka pa holo ndi nkhani ina, chifukwa anthu amawaonera patali ndipo 100 kapena 150 imakwana.

Tsopano mitundu, pomwe ine ndinapsa manja. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala kutatu, kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, ndipo dongosolo limeneli ndi lomwe limalembedwa RGB. Makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki kapena tona zinayi, sayani yomwe ndi ya buluu wowala, majenta yomwe ndi yofiirira ngati pinki, yachikasu ndi yakuda, zomwe zimalembedwa CMYK. Kuwala kumatha kupanga mitundu ina yomwe inki singaikwanitse, makamaka buluu wowala, wobiriwira wonyezimira ndi olenji wakupsa. Fayilo ya RGB ikafika pa makina, mitundu yotereyi imasinthidwa kukhala yomwe ikuyandikira, ndipo kuyandikirako nthawi zina kumakhala kutali ndi zomwe kasitomala anavomereza pa foni.

Chaka china komiti ya ukwati wa ku Matawale inandipatsa ntchito ya makhadi 300. Mtundu wa ukwatiwo unali buluu wachifumu, ndipo nsalu za operekeza akwati zinali zitagulidwa kale. Ndinasankha buluu wowala kwambiri pa sikirini, wa R 0, G 0, B 255, ndinatumiza chithunzi chake kwa mkwatibwi, iye n'kuvomera mosangalala. Popeza nthawi inali itatha, ndinatumiza fayilo ku Blantyre osapempha pulufu, lomwe ndi khadi limodzi loyesera, ndipo bokosi linabwera pa minibasi patangotsala milungu iwiri kuti ukwati uchitike. Nditalitsegula pa depoti pomwepo, makhadi onse anali a pepo. Wapampando wa komiti, mayi wachikulire, anatenga khadi limodzi, n'kuligoneka pa kansalu komwe anali nako m'chikwama, nati, "Achimwene, kodi ukwati wake ndi umenewu?" Ndinalibe choyankha. Ndinadindanso makhadi onse ndi ndalama zanga, ndipo phindu la ntchitoyo linathera pomwepo.

Nditabwerera pa kompyuta ndinasintha buluu uja kukhala CMYK kuti ndione manambala, ndipo Photoshop inaonetsa C 88, M 77, Y 0, K 0. Sayani ndi majenta zinali pafupi kwambiri, kusiyana ndi 11 yokha, ndipo inki ziwirizi zikayandikana chonchi diso limaona pepo, makamaka makina akamathira majenta mopitirirako pang'ono. Lamulo lomwe ndimatsatira kuyambira pamenepo ndi loti pa buluu aliyense majenta ikhale yotsika ndi 30 kapena kuposa poyerekeza ndi sayani. Pa makhadi achiwiri ndinalemba ndekha C 100, M 65, Y 0, K 0. Pa sikirini mtunduwo unkaoneka wozizira, wosawala ngati woyamba uja, koma pa pepala unagwirizana ndi nsalu.

Choncho poyamba ntchito sankhani CMYK pa Primary color mode, ndipo mitundu yofunika muilembe ndi manambala m'malo moitola ndi diso. Ngati muli ndi chithunzi cha RGB mu Photoshop, tsegulani View, kenako Gamut Warning. Malo onse omwe inki singawakwanitse amaphimbidwa ndi mtundu wotuwa, ndipo mumadziwiratu pomwe pasinthe. Ndiyenera kunena kuti osindikiza ena a makina a dijito amakonda kulandira zithunzi zili mu RGB chifukwa makina awo amasintha okha bwino, ndiye funsani musanatumize. Koma kaya ayankha bwanji, pemphani pulufu, khadi limodzi lodindidwa pa makina omwewo ndi pepala lomwelo. Mtengo wa pepala limodzi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kudindanso bokosi lonse. Pulufuyo mukaionere panja masana, osati pansi pa babu la m'sitolo, muli ndi kachidutswa ka nsalu ya ukwati m'manja, ndipo wapampando kapena mkwatibwi asainire kumbuyo kwake. Wosindikiza akakana kupereka pulufu, mwina alibe makina akeake ndipo ntchito yanu akukaipereka kwina ataikapo yake. Enanso amathira tona yotsika mtengo yomwe mtundu wake umasintha pakati pa mulu, moti khadi loyamba ndi lomaliza sizifanana, choncho polandira katundu tolani makhadi pamwamba, pakati ndi pansi pa bokosi n'kuwayala pamodzi.

Wakuda ulinso ndi msampha wake. Mawu ang'onoang'ono akhale K 100 yokha, inki zina zitatu zili pa 0. Wakuda wa RGB ukasinthidwa umasanduka inki zonse zinayi, ndipo zikalephera kugwera pamodzi ndendende zilembo zimatuluka ndi mthunzi wofiira kapena wa buluu m'mbali. Pa malo aakulu akuda, K 100 yokha imaoneka yotuwa, ndiye pamenepo gwiritsani ntchito C 60, M 40, Y 40, K 100. Manambala anayiwo mukawaphatikiza asapitirire 300, apo ayi inki imachedwa kuuma ndipo imadetsa kumbuyo kwa pepala lotsatira.

Zotsalazo n'zachidule. Sungani fayilo ina yomwe mawu ake angasinthidwe, kenako mu yotumizayo sankhani mawu onse n'kudina Ctrl+Q, yomwe ndi Convert to Curves, kuti fonti yanu isasinthike pa kompyuta ya wosindikiza. Tulutsani fayilo ndi Publish to PDF, sankhani PDF/X-1a ngati wosindikiza sanatchule ina, ndipo pa Prepress chongani Bleed limit ndi Crop marks, timizere tosonyeza podulira. Ogwiritsa ntchito Canva asankhe PDF Print ndi kuchonga Crop marks and bleed. Tsegulani PDF yomwe yatulukayo, muone ngati mtundu wadutsadi timizere todulira, ikulitseni mpaka 300% pa nkhope za akwati, ndipo muwerengenso tsiku, dzina la tchalitchi ndi manambala a foni. Potumiza lembani saizi yomaliza, chiwerengero cha makhadi ndi kulemera kwa pepala, komwe pa khadi la ukwati ine ndimapempha 300 gsm.