Ogulitsa mafoni a kaunjika, batire ndilo likukudyerani mpamba

Chiyambireni nyengo yokolola ino ndayendera magulu angapo a achinyamata amene anatenga ngongole ku banki mkhonde n'kuyamba geni ya mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito. Pafupifupi pa benchi iliyonse ndapezapo vuto limodzi lomweli. Foni mukuipatsa mtengo poyang'ana khungu lake. Mukaona kuti sikirini ilibe mng'alu, kumbuyo kukunyezimira, kamera ikujambula, basi mwakhutira, mwafunsa mnzanu wa ku Limbe kapena ku Lilongwe kuti yotereyi ikuyenda bwanji, mwaonjezapo kanu. Batire simunalifunse n'komwe. Ndiye ndalama za soya ndi mtedza zili m'matumba mwa anthu, ogula akubwera, koma inu mpamba ukungochepa.

Za kusiyanitsa foni yeniyeni ndi yachinyengo sinditaya nazo nthawi, mumazidziwa kundiposa. Ndikufuna tikhale pa batirepo.

Batire la foni limakalamba ngakhale mwini wake akhale wosamala chotani. Nthawi iliyonse likadzadza n'kutha, mphamvu imene lingasunge imatsika pang'ono, ndipo kutentha kumafulumizitsa kukalambako. Kampani ya Apple imanena yokha kuti batire la iPhone 14 ndi zam'mbuyo mwake linapangidwa kuti likatchajidwa n'kutha maulendo 500, lizikhala litatsala ndi 80 peresenti ya mphamvu zake zoyamba. Munthu amene amamaliza batire tsiku lililonse amakwanitsa maulendo 500 chaka chachiwiri chisanathe. Tsono mafoni amene mukuodawa ambiri agwira ntchito zaka zitatu, zinayi, ena zisanu, asanafike m'manja mwanu. Chikwama chikhoza kuteteza galasi zaka zonsezo, foni n'kumaoneka ngati yatuluka m'bokosi dzulo, koma m'kati batire lidatopa kalekale.

Mnyamata wina wa m'gulu limene ndimaliyendera anagula iPhone 11 pa K360,000. Inali yokongola, sindikana. Anaiika pa K440,000 chifukwa ndi mtengo umene anaona anthu a m'tauni akulemba sabata imeneyo. Zimene sanaone n'zakuti iwo aja amalembanso nambala ya batire pambali pa mtengo. Wogula woyamba, mphunzitsi wa kusekondale, sanayang'ane n'komwe kumbuyo kwa foniyo. Analowa mu Settings, Battery, Battery Health, n'kumuonetsa pamene palembedwa Maximum Capacity: 76 peresenti, ndi uthenga wakuti batire likufunika kusinthidwa. Anabweza foni n'kumapita. Wachiwiri chimodzimodzi. Anthu ofuna iPhone masiku ano funso lawo loyamba ndi lakuti batire lili pa zingati, ndipo likakhala pansi pa 80 amadziwa kuti akugula foni ndi ngongole yake.

Foni ija inakhala masabata asanu. Kenako mnyamata uja anakwera minibasi kukasinthitsa batire m'tauni, K55,000 pamodzi ndi ya mmisiri, thiransipoti K12,000. Atabwera nayo anapeza china chimene sanachiyembekezere. iPhone ya mtundu umenewu ikaikidwa batire losachokera kwa eni ake imalemba uthenga wakuti siikulizindikira batirelo, ndipo mu Settings, General, About mumaoneka mawu akuti Unknown Part. Wogula akaona zimenezo amadziwa kuti foni inatsegulidwapo, amatsitsanso mtengo. Anaigulitsa K390,000. Werengani nokha: zotuluka zonse K427,000, zolowa K390,000. K37,000 yalowa m'madzi, osawerengera chiwongoladzanja cha ngongole ya kugulu, osawerengeranso mafoni ang'onoang'ono amene akanagula n'kugulitsa kawiri katatu ndi ndalama yomweyo pa masabata asanu aja.

Cholakwa sichinachitike tsiku logulitsa ayi. Chinachitika tsiku logula. Masamu ake amayambira kumapeto: foni yosinthidwa batire imapita pa K390,000 kwanuko, chotsanipo K55,000 ya batire, K12,000 ya ulendo, ndi phindu limene mukufuna, tinene K40,000. Yatsala K283,000. Pamenepo ndiye pamene anayenera kuimira ponenerera, ndipo mwini foni akanakana, kungomusiya apite nayo. Iye analipira K360,000 chifukwa inkanyezimira. Mitengoyi ndi ya nthawi imeneyo, musaitenge ngati ya lero, chifukwa chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya mafoni ndi zipangizo zake siikhazikika. Chimene muyenera kutenga ndi kawerengedweko.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti kuona nambala imeneyi sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Koma ndikafunsa, yankho lake limakhala lomwe lija: "Alangizi, ife timangoiona foni n'kudziwa." Mumadziwa bwanji za m'kati poyang'ana kunja? Chizolowezi chimenechi chinachokera nthawi ya mafoni a mabatani, pamene batire likatha umangotsegula chivindikiro n'kuikamo lina lotchipa la pa golosale. Mafoni a lerowa batire linamatidwa m'kati, pafunika mmisiri, zida ndi ndalama. Nthawi inasintha, kagulidwe kanu kokha ndiko kakukana kusintha.

Enanso mwayamba kukondwera mukaona 100 peresenti. Chenjerani. iPhone 11 inatuluka mu 2019. Ikamaonetsa 100 lero, mwina batire linasinthidwa, apo ayi pali amene anaiseweretsa nambalayo ndi makina kuti ioneke yabwino pamene batire ndi lakale lomwe lija. Ine foni yakale yoonetsa 86 ndimaikhulupirira kuposa yoonetsa 100 popanda kufotokoza kuti batire linasinthidwa liti komanso ndi ndani.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya iPhone yokha. Mwezi wathawu, tsiku la msika, ndinali pa benchi ya mmodzi wa anyamatawa pamene panafika bambo wina wachikulire, mlimi wa soya, atakwera njinga. Anatulutsa foni ya Tecno m'thumba la jekete n'kuiika pa benchi mwamphamvu. Anali ataigula masabata awiri m'mbuyomo atagulitsa matumba ake. "Mwana wanga," anatero, "foni iyi ndikaitchajitsa m'mawa, pofika masana yazima. Kwathu kulibe magetsi. Ndimapalasa njinga kukatchajitsa kwa wometa tsitsi, ndilipire, ndidikire, mawa ndibwerenso. Wogula soya anandiimbira kawiri osandipeza, anakagula kwa wina." Mnyamata uja anayamba zoti mwina ndi tchaja, mwina ndi netiweki. Bambo aja anatembenukira kwa ine: "Alangizi, ine pogula ng'ombe ndimaitsegula pakamwa kuona mano, sindiyang'ana ubweya. Uyu anaiona mano foniyi?" Titaiika pa thebulo losalala inkagwedera, chivindikiro chakumbuyo chitatukuka pang'ono pakati. Batire linali litayamba kutupa. Ndalama inabwezedwa yonse anthu akuonerera, ndipo bambo aja pochoka ananena kuti amzawo awiri a m'kalabu amene amafuna mafoni awatengera kwina. Batire lotupa si nkhani ya mtengo yokha. Likabooka kapena likatenthedwa limatha kuyaka, ndipo foni yotero siyenera kugulitsidwa kwa munthu mpaka litasinthidwa.

Nkhani ya bambo amenewa ikukuuzaninso amene akugula kwanuko. Pa msika wa kumudzi munthu amafuna foni yokhala tsiku lonse kapena masiku awiri osatchaja, yolowa masimu awiri kuti Airtel Money ndi Mpamba zonse zikhale m'manja, yoti ikasweka sikirini mmisiri wapafupi akhale nayo ina. N'chifukwa chake itel, Tecno ndi Samsung zing'onozing'ono za batire la 5000 mAh zimatuluka msanga kumeneko, pamene iPhone imadikira mphunzitsi, namwino kapena mwana wa kukoleji. Ndiye batire lofooka kumudzi limagwetsa mtengo kwambiri kuposa m'tauni, kumene munthu amatchaja kuofesi. Mng'alu waung'ono pakona mlimi akhoza kuukhululukira mukamuchotserako pang'ono. Foni yozima masana sangaikhululukire. Inu mukuchita zosemphana: mukutsitsa mtengo chifukwa cha mikwingwirima, osatsitsa chifukwa cha batire.

Mtengo wa m'tauni si mtengo wa kwanu. Umene anthu amalemba potsatsa si umene foni imapitira, chifukwa aliyense amasiya malo onenerera. Funsani imene yagulitsidwadi pa msika wanu mwezi uno, ndipo kumbukirani kuti ndalama za zokolola zikatha, cha mu Januwale ndi Febuluwale, omwe akugula lerowa ndi amene amabwera kudzagulitsa mafoni awo kuti agule chimanga. Foni imene mwaikweza mtengo n'kutsala nayo mpaka nthawi imeneyo idzapikisana ndi yawo.

Tsono chitani izi, mwachidule. Pa iPhone onani Maximum Capacity musanayambe kukamba za ndalama. Ine ndimawauza anyamata anga kuti kuyambira 85 kupita m'mwamba mtengo wonse, pakati pa 80 ndi 84 chotsani theka la mtengo wa batire latsopano, pansi pa 80 chotsani wonse kuphatikiza ya mmisiri. Mafoni ambiri a Android saonetsa nambala imeneyi, ndiye liyeseni nokha: lembani peresenti, walitsani sikirini, jambulani vidiyo mphindi khumi, muonenso. Ikatsika pang'onopang'ono zili bwino. Ikamadumpha, monga kuchoka pa 60 kufika pa 48, kapena foni ikatentha moti simungaiike patsaya, batire latha. Pa Samsung pulogalamu ya Samsung Members ili ndi poyezera batire, ndipo kuimba `*#0*#` pa zambiri mwa izo kumatsegula poyesera sikirini ndi sipika. Igonekeni pa thebulo muone ngati ikugwedera. Lowetsani tchaja yanu, muigwedeze pang'ono, muone ngati ikuduladula. Imbani `*#06#` muyerekeze IMEI, nambala yapadera ya foniyo, ndi ya pa bokosi kapena pa risiti, ndipo mwini wake achotse akaunti yake ya iCloud kapena ya Google inu mukuona, chifukwa foni yokiyidwa ndi akaunti ya wina mtengo wake ndi wa zipangizo basi. Mitengo ya mabatire a mitundu isanu imene imayenda kwanuko ikhale m'kope mwanu, muziifunsanso kwa mmisiri mwezi uliwonse. Pogulitsa muuzeni wogula mmene batire lilili ndipo mulembe pa risiti. Foni ikatha masabata awiri pa benchi osafunsidwa, tsitsani mtengo sabata yachitatu isanayambe.