Musanaloze chiwindi, funsani za mkodzo ndi chimbudzi

Nyengo ino yokonzekera mayeso ndawerenga mayankho a ophunzira unamwino ambiri pa funso la chikasu, ndipo cholakwa chimodzi chikungobwerabwera mpaka chandifika pakhosi. Funso limati tchulani mitundu itatu ya chikasu ndi zoyambitsa zake. Mayina atatuwo mumawalemba bwino ndithu: pirihepatiki, hepatiki, positihepatiki. Vuto limayamba funso likasintha pang'ono, akakupatsani wodwala wamaso achikasu n'kukuuzani mtundu wa mkodzo ndi chimbudzi chake. Pamenepo nonse mumathamangira kuchiwindi. Mumalemba hepatayitisi ngati kuti munthu aliyense wachikasu chiwindi chake chawonongeka. Mitundu iwiri mwa itatuyo imayambira kunja kwa chiwindi, ndipo mayina omwewo akunena zimenezo: pirihepatiki vuto lili tisanafike kuchiwindi, positihepatiki lili titadutsa chiwindi.

Gwero la cholakwachi ndi chizolowezi chakale choloweza ndandanda. Mumajambula mizere itatu m'kope, n'kudzaza mayina a matenda, n'kumaimba ngati nyimbo usiku wonse. Mukafika pa mzere wa mkodzo mumalemba kuti "wakuda" m'mabokosi onse atatu, poti wodwala wachikasu amene munamuona koyamba m'wodi anali ndi mkodzo wakuda. Ndatopa nako kuona zimenezi. Bokosi loyambalo ndi lolakwika, ndipo amene akudziwa chifukwa chake safunikanso kuloweza china chilichonse.

Za mmene maselo ofiira a magazi amathera pakatha masiku pafupifupi 120, ndi mmene himogulobini amasandukira bilirubini, sindibwerezanso, munaphunzira chaka choyamba. Chimene mumachiiwala ndi ichi. Bilirubini amene wangopangidwa kumene, asanafike kuchiwindi, sasungunuka m'madzi. Amayenda m'magazi atakakamira pa alubumini, ndipo sefa ya impso salola alubumini kudutsa. Ndiye kaya bilirubini wosakonzedwayu achuluke bwanji, kaya maso achite chikasu chotani, mumkodzo salowamo. Akafika kuchiwindi amalumikizidwa ndi asidi wa gulukuroniki, ndipo apo mpamene amayamba kusungunuka m'madzi. Wokonzedwayu, amene m'mabuku amati konjugetedi, amatsika ndi ndulu kupita m'matumbo. Akabwerera m'magazi pa chifukwa china chilichonse, impso zimamutulutsa ndipo mkodzo umada.

Tsono mukaona bilirubini mumkodzo, dziwani kuti ameneyo wadutsa kale m'chiwindi. Mfundo imodziyi ikuchotserani mtundu woyamba nthawi yomweyo.

Pa chikasu cha pirihepatiki chiwindi chilibe mlandu. Maselo ofiira akuphwanyika msanga kuposa mmene chiwindi chingathere kukonza, monga zimachitikira pa malungo, pa matenda a sikoselo, kwa munthu wosowa enzaimu ya G6PD akamwa mankhwala ena, kapena munthu akapatsidwa magazi osagwirizana ndi ake. Chiwindi chikugwira ntchito mwakhama ndipo njira ya ndulu ndi yotseguka, choncho m'matumbo mukufika bilirubini wambiri. Chimbudzi chimakhala cha mtundu wake wa nthawi zonse kapena choderapo. Tizilombo ta m'matumbo timasandutsa bilirubiniyo kukhala yurobilinojeni, wina amabwerera m'magazi, ndipo kapepala koyezera mkodzo kamasonyeza yurobilinojeni wokwera koma bilirubini palibe. Wodwalayo amaoneka wotuwa chifukwa magazi achepa, mtima umathamanga, kapamba amatha kutupa, koma khungu silimuyabwa.

Wina anena kuti anaonapo wodwala malungo aakulu ali ndi mkodzo wakuda bii. Zoona, ndipo amene wafunsa zimenezo ndiye akuganiza. Maselo akaphwanyikira m'mitsempha mwenimweni mochuluka, himogulobini amatayikira mumkodzo. Chadetsa mkodzowo ndi himogulobini, osati bilirubini. Kapepala kamasintha pa bokosi la magazi. Maso okha sangasiyanitse ziwirizi, n'chifukwa chake mkodzo timauyeza, sitingouyang'ana m'botolo.

Mtundu umene ukupwetekedwa kwambiri ndi cholakwa chanuchi ndi wachitatu uja, wa positihepatiki. Apa chiwindi chakonza bilirubini bwinobwino, koma ndulu yasowa potulukira. Chotseka chikhoza kukhala kamwala kochokera m'thumba la ndulu komwe kakakamira m'njira yaikulu, khansa ya kumutu kwa pankiriyasi imene yafinya njirayo, khansa ya njira ya ndulu yeniyeniyo, kapena chipsera chimene chachepetsa njira. Bilirubini wokonzedwa amabwerera m'magazi, mkodzo umada, ndipo poti m'matumbo simukufika kanthu, chimbudzi chimatuwa ngati dothi loyera. Michere ya ndulu nayo imabwerera m'magazi ndipo wodwala amadzikanda mpaka zipsera.

Zimenezi zandikumbutsa bambo wina, mlimi wa kudimba, amene ndinakumana naye ndili namwino wa m'wodi. Anali atapita kale kuchipatala china kawiri, ndipo anauzidwa kuti ndi chiwindi, apumule, asamamwe mowa. Mowawo sanaulawepo chibadwire. Nditamufunsa za chimbudzi anayamba waseka, kenaka anati, "Anesi, ndinu oyamba kundifunsa zimenezo. Chayera kalekale, ndimangochita manyazi kunena." Anawonjeza kuti m'mimba chakumanja pansi pa nthiti mumamupweteka mobwerabwera, ndipo usiku wathawo anazizidwa mpaka kunjenjemera. Ndikumufotokozera zimene tikuganiza, anandidula pakamwa. "Basi ndamva, mayi. Ngalande ikatsekeka kumunsi madzi amasefukira kumtunda, mbewu za kumunsi n'kuuma. Munthu sukakonza kuchitsime, umakachotsa chatsekacho." Makina ounikira m'mimba anaonetsa njira ya ndulu yotukuka ndi kamwala kumapeto kwake. Kuyambira tsiku limenelo ndimaphunzitsa ndi mawu a bambowo, chifukwa ine sindinapezepo ena owaposa.

Taonani mtengo wa kusafunsa funso limodzi. Ndulu yoima imagwidwa ndi tizilombo. Kutentha thupi, chikasu ndi ululu wa kumanja pansi pa nthiti zikakumana pamodzi, ameneyo ndi kolanjayitisi, ndipo wodwala akhoza kulowa m'sepusisi pa maola ochepa. Amafunika mankhwala opha tizilombo kudzera mumtsempha ndi kutsegula njirayo mwamsanga, osati kupuma kunyumba. Palinso china chimene ophunzira sachilemba n'komwe. Ndulu ikapanda kufika m'matumbo mafuta sagayika bwino, ndipo vitamini K, amene amalowa m'thupi limodzi ndi mafuta, amachepa. Magazi amachedwa kuundana. Namwino amene wazindikira zimenezi amayang'ana nkhama, malo amene anabaya singano ndi zilonda za kudzikanda kuja, ndipo amakumbutsa kuti INR, yoonetsa kuundana kwa magazi, iyezedwe munthu asanapite ku opaleshoni. Amene anangolemba kuti "chiwindi" n'kutseka faelo saona chilichonse mwa izi.

Ndipo musaganize kuti kusowa kwa ululu ndi nkhani yabwino. Munthu wachikulire wachikasu chomka chikulirakulira, wosamva ululu, woonda, thumba la ndulu likumveka pokhudza, timaopera khansa ya pankiriyasi kuposa kamwala.

Mtundu wapakati, wa chiwindi chenichenicho, sindichedwapo poti ndi umene mumaukonda. Maselo a chiwindi avulala ndi mavairasi a hepatayitisi, mowa wa zaka zambiri, silosisi, parasitamo womwa mopyola muyezo, kapena mankhwala ena a chifuwa chachikulu monga isoniyazidi. Chiwindi chodwala chimalephera kukonza bilirubini yense, ndipo amene chakonza wina amadonthera m'magazi. Ndiye mitundu yonse iwiri ya bilirubini imakwera, mkodzo umada, chimbudzi chimakhala chabwinobwino kapena chotuwirako. Apa mkodzo ndi chimbudzi pazokha sizingakulekanitsireni mtundu uwu ndi wa kutsekeka kuja, makamaka kutupa kwa chiwindi kukafinya tinjira ta ndulu ta m'kati. Pamafunika zotsatira za magazi. ALT ndi AST zikakwera kwambiri kuposa zinazo, maselo a chiwindi ndiwo avulala. ALP ndi GGT zikatsogola, ganizirani kutsekeka.

Malo andithera, ndiye mafunso obwereza nawa mwachangu. Phimbani yankho ndi dzanja musanawerenge.

Chikasu chimayamba kuoneka bilirubini akafika pati, ndipo mumayang'ana pati? Mwa munthu wamkulu wabwinobwino sapitirira pafupifupi 21 µmol/L, ndipo chimaoneka ndi maso akafika cha m'ma 35 mpaka 50. Yang'anani koyera kwa diso, pa kuwala kwa dzuwa osati kwa babu.

Mnyamata wa sikoselo wabwera ndi maso achikasu, himogulobini wotsika, chimbudzi choderapo, mumkodzo mulibe bilirubini. Mtundu wanji? Pirihepatiki, ndipo wokwera m'magazi ndi bilirubini wosakonzedwa. Koma mnyamata yemweyo akadzabwera tsiku lina ndi mkodzo wa bilirubini ndi chimbudzi chotuwa, musakakamire yankho lakale. Kuphwanyika kwa maselo kwa zaka zambiri kumapanga timiyala m'thumba la ndulu, ndipo kamodzi kakhoza kutseka njira.

Mayi wayamba mankhwala a chifuwa chachikulu masabata angapo apitawo, tsopano ali ndi nseru, sakufuna kudya, maso achita chikasu, ALT yakwera kwambiri. Hepatiki, woyambitsidwa ndi mankhwalawo. Dziwitsani dokotala musanapereke mlingo wotsatira.

N'chifukwa chiyani yurobilinojeni amasowa mumkodzo njira ya ndulu ikatsekekeratu? Amapangidwa m'matumbo, ndipo bilirubini sakufikako.

Khanda lachita chikasu lisanathe maola 24 chibadwire. Chimenecho si chikasu wamba cha makanda, ganizirani kuphwanyika kwa maselo chifukwa cha kusagwirizana kwa magazi a mayi ndi a mwana, monga pa Rh kapena ABO. Changu chake n'chakuti bilirubini wosakonzedwa akachuluka amalowa mu ubongo wa khanda. Nanga khanda lobadwa pa nthawi yake limene chikasu chapitirira masiku 14, thewera likuonetsa chimbudzi chotuwa ndi mkodzo wachikasu kwambiri? Mpaka zitatsimikizika kuti si choncho, litengeni ngati njira zake za ndulu ndi zotsekeka, ndipo litumizidwe msanga, chifukwa opaleshoni yake imathandiza bwino ikachitika mwana asanakwane miyezi iwiri.