Kope la makasitomala lichoke pakauntala

Chilimwe chino maukwati ndi zinkhoswe zachuluka, ndipo m'masaluni ndi kwa ophika makeke a ku Nchalo, Ngabu mpaka Bangula ntchito ikuyenda. Koma pali chinthu chimodzi chomwe ndikuchipeza pafupifupi paliponse pomwe ndalowa, ndipo chikundidetsa nkhawa. Kope lija tidalimbikitsana kuti muzilembamo za makasitomala lili pakauntala, lotsegula, bolopeni ili pakati. Momwemo muli ngongole, momwemo muli manambala a foni, momwemo masiku obadwa, ndipo m'mbali mwa dzina la munthu mwalembedwa zakumtima zomwe adakuuzani monong'ona mukumutsuka m'mutu.

Tidanena kuti muzilemba, inde. Sitidanene kuti muzilemba chilichonse, kapena kuti aliyense wodikira pabenchi aziwerenga.

Taganizani omwe amaligwira kope limenelo tsiku limodzi. Mtsikana wophunzira ntchito amalitsegula kuti alembe ndalama. Kasitomala wokana ngongole mumamutembenuzira kuti aone yekha, ndipo maso ake sathera pamzere wake okha. Mwana akaweruka kusukulu amang'ambamo pepala. Wina amapempha kuti ajambule ndi foni mzere wa ngongole yake, chithunzicho n'kutenga tsamba lonse. Kuno kuchigwa timadziwana: wa mzere wachitatu ndi mlamu wake wa amene akuwerengayo, wa mzere wachisanu amapemphera naye mpingo umodzi.

Mayi wina wolima thonje ndi mapira chakumtunda kwa Ngabu adandiimitsa titatuluka pamsonkhano wa banki mkhonde. Adati, "Alangizi, inu mumawauza anthuwa kuti azitilemba m'mabuku, kodi mumawauzanso kuti azibisa?" Nkhani yake inali yotere. Adapita kukakonzetsa tsitsi atagulitsa thonje, ndipo wokonzayo adaona tizilonda m'khosi n'kufunsa. Mayiyo adafotokoza kuti tidayamba atangoyamba mankhwala ena akuchipatala omwe amamwa tsiku ndi tsiku, ndipo adapempha kuti asamupake chilichonse choyabwa. Wokonzayo, ndi mtima wabwino ndithu, adalemba pafupi ndi dzina lake kuti "ali pa mankhwala". Patapita masabata, mawu atatu amenewo adamupeza kudimba, akuchokera pakamwa pa mkazi wa achimwene ake. Iye adali asanauze ngakhale amayi ake omubereka. "Kumeneko sindidzapondako," adatero, "ndipo anzanga onse a m'gulu ndidawauza." Mwini saluniyo mpaka lero akudabwa kuti gulu lonse lija lidapita kuti, akuganiza kuti mwina ndi mitengo.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti mawu aja sadali othandiza ngakhale pantchito. Wokonza tsitsi safunika kudziwa matenda a munthu. Afunika kudziwa choti achite ndi choti asachite pamutupo. Akadalemba kuti "khungu la m'khosi silichedwa kutupa, osapaka dayi, funsani kaye musanapake mafuta atsopano", mayiyo akadatetezeka, ndipo wowerenga mwakuba sakadatolapo kanthu kokanena kumsika. N'chimodzimodzi ndi amene wakuuzani kuti ndi woyembekezera ndipo sakufuna mankhwala owongolera tsitsi miyezi ino. Pakati pongoyamba sipalengezedwa, tonse tikudziwa. Lembani kuti "kuluka kokha mpaka adzanene yekha", basi.

Tsono pali ena omwe amva zoterezi n'kunena kuti kuli bwino osalemba kalikonse, zonse azisunga m'mutu monga ankachitira amayi awo. Apa ndiye ndimatopa napo. M'mutu mumasunga anthu angati pa Disembala, pamene benchi yadzaza ndipo inu mwapita kukaoda katundu ku Limbe, pasaluni mwasiya mtsikana? Ziwengo sizidikira kuti mwini abwere. Dayi wakuda wokhalitsa nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala omwe pabokosi amalembedwa kuti PPD kapena p-phenylenediamine. Munthu amene amuwenga nthawi zambiri samva kanthu ali pampando. Kuyabwa kumayamba patapita maola, mwina mawa lake kapena mkuja: m'mphepete mwa tsitsi ndi m'makutu mumafiira, zikope zimatupa, nthawi zina pamatuluka timadzi. Thupi likangoyamba kudana nawo silisintha, ndipo ulendo wachiwiri umakonda kukhala woipa kuposa woyamba. Kusintha mtundu wa dayi si yankho, chifukwa mitundu yambiri yakuda ili ndi mankhwala omwewo. N'chifukwa chake mabokosi amanena kuti muyese kaye pang'ono kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono n'kudikira maola 48. Ndani angakumbukire m'mutu kuti uyu tidamuyesa liti ndipo zidatha bwanji?

Musasokonezenso ziwengo ndi kupsa. Mankhwala owongolera tsitsi akakhalitsa pamutu, kapena akapakidwa pomwe munthu wakanda, amawotcha pompopompo, munthu akadali pampando, ndipo pambuyo pake pamachita nkhanambo. Kumeneko ndi kupsa, ndipo cholemba chake ndi china: mtundu wa mankhwala, mphindi zomwe adakhala, ndi kuti ulendo wina achotsedwe msanga. Ndimaona m'makope ambiri mwangolembedwa kuti "amawengedwa", osanena kuti ndi chiyani, liti, zidaoneka bwanji. Mawu amodzi amenewo sathandiza mtsikana wanu, amangomuopseza kapena amawanyalanyaza.

Tsamba lolembedwa bwino lingaoneke motere. Pamwamba nambala 27, popanda dzina. Pansi pake, ndi bolopeni yofiira: "Dayi wakuda AYI. Adatupa zikope tsiku lotsatira atapakidwa, mwezi wa Ogasiti. Osayesa mtundu wina." Kenako ndi bolopeni wamba zokonda zake: amaluka mizere yopita kumbuyo, sakonda kukokedwa kwambiri m'mphepete, meshi yakuda yosafika m'mapewa chifukwa cha kutentha, amabwera Loweruka m'mawa dzuwa lisanakwere. Pomaliza tsiku lomwe mudamufunsa komaliza ngati pali chasintha. Onani kuti zonse zofunika pantchito zilipo, koma wotola tsambali panjira sangadziwe kuti ndi la yani. Dzina, nambala ya foni ndi tsiku lobadwa la nambala 27 zili m'kabuku kena kakang'ono, komwe kamakhala kotsekeredwa ndipo kamatsegulidwa ndi inu nokha. Kasitomala mumamuuza nambala yake, ambiri amaisunga mufoni. Akaiwala inu kulibe, mtsikana asalote nambala: amufunse mwiniwakeyo mafunso onse mwatsopano asanamugwire m'mutu.

Ophika makeke ndi zakudya zamaukwati, nkhaniyi ndi yanunso. Mtedza umawenga anthu ena moopsa, mpaka kutupa milomo ndi kubanika, ndipo ife timathira nsinjiro ndi chiponde mosaganizira. Pa oda lembani kuti "mtedza ayi, ziwiya zitsukidwe kaye", osati dzina la mwana ndi mbiri yake yonse yakuchipatala. Munthu akayamba kutupa nkhope kapena kuvutika kupuma, kaya ndi chakudya kaya ndi dayi, musamuike pamthunzi kuti muone kaye, thamangirani naye kuchipatala.

Za masiku obadwa ndinenepo mwachidule. Mukufuna kumutumizira uthenga wamafuno abwino kapena kumuchotserako mtengo, choncho tsiku ndi mwezi zakwana. Chaka mukuchifuniranji? Dzina lonse, nambala ya foni ndi tsiku lobadwa lathunthu zikakhala pamodzi, ndi zomwe akuba a pafoni amafuna kuti anamize munthu ngati akuimba kuchokera kukampani, ndipo anthu ambiri nambala yawo yachinsinsi ya ndalama za pafoni ndi chaka chomwe adabadwa. Uthengawo mutumizireni yekha. Zomuika pa sitetasi ya WhatsApp ndi chithunzi chake musanamufunse, kapena kuponya makasitomala onse m'gulu limodzi momwe aliyense akuona nambala ya mnzake, zisiyeni. Alipo amayi omwe uthenga wochokera kunambala yachilendo umawabweretsera mafunso kunyumba, ndiye funsani ngati akufuna kulandira uthenga n'komwe.

Musaganize kuti izi ndi nkhani za mabanki ndi makampani a mafoni okha. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi, ndipo kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, lomwe bungwe la MACRA lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli limaika za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera. Mfundo zake ndi zomwe ndakhala ndikunenazi: munthu adziwe chomwe mukulemba ndi chifukwa chake, mutenge zokhazo zofunika, muzisunge mosamala.

Chochita sabata ino n'chosavuta. Gulani makope atatu: la manambala ndi zochita, la mayina, ndipo ngongole zikhale m'lakelake lachitatu. Koperani zofunika zokha, ndipo kope lakalelo muliwotche, osalipereka kwa wogulitsa mandasi kuti azikulungira. Musanalembe za munthu muuzeni kuti, "Asisi, ndilembe kuti dayi amakuwengani kuti atsikanawa asadzalakwitse, mukulola?" Akakana musalembe, muzingomufunsa ulendo uliwonse. Akafuna kuona tsamba lake muonetseni lake lokha, akati lichotsedwe lichotseni. Kabuku ka mayina kakhale m'jumbo lapulasitiki, m'bokosi lokhoma, pamalo okwera, poti madzi a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 adatiphunzitsa zomwe amachita ndi mapepala.

Amene mumalemba mu Excel kapena Google Sheets, nzeru ndi yomweyo: mafayilo awiri, ina ya manambala ndi zochita, ina ya mayina. Kubisa danga ndi Hide sikuteteza kanthu, aliyense angalibwezeretse. Mu Excel yapakompyuta tsekani fayilo ya mayina podutsa File, Info, Protect Workbook, Encrypt with Password, ndipo mawu achinsinsiwo musawaiwale chifukwa mukawataya fayiloyo sitsegukanso. Mu Google Sheets, pa Share pakhale Restricted, osati Anyone with the link. Mwezi wobadwa ukhale m'danga lakelake kuti Filter ikuonetseni obadwa mwezi uno okha. Foni ikhale ndi loko musanaisiye potchajitsa pamsika, ndipo wantchito akasiya ntchito muchotseni pa Share tsiku lomwelo.